Musanaweruze ndi zithunzi ziwiri, funsani kumene dzuwa linali

Mwina sabata yomwe ino foni yanu yalandira zithunzi ziwiri zoikidwa pamodzi. Pa choyamba alembapo kuti “kale”, pa chinzake “lero”. Nthawi zina ndi msewu, nthawi zina msika, chipatala kapena sukulu. Wotumizayo safunanso kulankhula zambiri, chifukwa akudziwa kuti maso anu amaliza okha mlanduwo. Mukangoona mumayamikira kapena mumakwiya, ndipo musanaganize kawiri mwatumiza kale kwa anzanu.

Ine ndikuti zithunzi ziwiri zotere si umboni wokwanira, ngakhale zonse zitakhala zenizeni ndipo palibe amene wazisintha pa kompyuta. Zimakhala umboni pokhapokha ngati chinthu chimodzi chokha n’chimene chasintha pakati pa tsiku loyamba ndi lachiwiri, ndicho chinthu chimene tikuweruzacho. Ngati dzuwa linali mbali ina, foni inali ina, ndipo wojambula anaima malo ena, ndiye kuti zasintha zinthu zinayi, ndipo simungadziwe kuti n’chiti mwa izo chimene chakukondweretsani kapena kukukwiyitsani. Ndikufuna kukuonetsani zimenezi ndi khoma limodzi la sukulu.

Khoma limodzi, zithunzi zitatu

Sukuluyi ili m’dera la Angoniya, ndipo sindiitchula dzina. Nyumba yake ina ya makalasi atatu inakonzedwa: anamatanso simenti pa makoma, anapaka penti ndi kuika magalasi m’mawindo. Khoma lake lalitali, limene munthu amaliona akamalowa pabwalo, limayang’ana kumpoto. Musungeni mawu amenewa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Chithunzi choyamba chinajambulidwa mu Disembala, ntchito isanayambe. Khoma likuoneka lakuda, lotuwa ngati phulusa, nyumba yonse ngati bwinja. Chachiwiri chinajambulidwa mu Juni cha m’ma 10 koloko m’mawa, ntchito itatha. Khoma lili mbee, losalala, thambo lili lowala bwino, nyumba ikuoneka yaitali ngati ya mumzinda. Amene anagwira ntchitoyo anafalitsa ziwirizi pamodzi, ndipo anthu anaomba m’manja.

Kuchiyambi kwa Seputembala kholo lina linajambula khoma lomwelo dzuwa litangotuluka. Pa chithunzi chachitatuchi khoma ladzaza mizere yakuda ngati lang’ambika ponseponse, penti ikuoneka yofiirira ngati yakalamba, ndipo mulu wa zibuma zotsala ukuphimba theka la nyumba. Kholo lija linaika chithunzi chake pambali pa cha Juni n’kulemba kuti: “Miyezi itatu yokha. Ndalama zinapita kuti?” Pofika madzulo, wapampando wa khonsolo ya sukulu, mayi amene anasainira kuti ntchito yalandiridwa, anali atatchedwa kale wakuba m’magulu a WhatsApp.

Palibe mmodzi mwa ojambula awiriwa amene ananama. Koma zofanizira zonse ziwiri, choyamikira ndi chodzudzula, zinali zokondera. Tiyeni tione chifukwa chake.

Dzuwa siliyenda njira imodzi chaka chonse

Tonse timadziwa kuti dzuwa limatuluka kum’mawa n’kulowa kumadzulo. Chimene ambiri sitiikirapo mtima n’chakuti njira yake imasendera kumpoto ndi kumwera malinga ndi nyengo. Mungayese nokha. Zikani ndodo ya mita imodzi pabwalo ku Ulongwe. Masana a pakati pa Juni mthunzi wake umakhala wa masentimita pafupifupi 80, ndipo umaloza kumwera, chifukwa dzuwa lapendekera kumpoto. Masana a kumapeto kwa Disembala mthunziwo umangokhala wa masentimita pafupifupi 15, ndipo umaloza kumpoto, chifukwa dzuwa ladutsa pamutu n’kupendekera pang’ono kumwera. Kuchokera mumzinda wa Tete mpaka ku Lichinga manambalawa amasiyana pang’ono chabe.

Tanthauzo lake pa khoma lathu n’loonekeratu. Mu Disembala khoma loyang’ana kumpoto siliombedwa ndi dzuwa tsiku lonse. Limakhala mumthunzi kuyambira m’mawa mpaka madzulo, ndipo pansi pake pamakhala podetsedwa ndi matope a madzi ogwa kuchokera ku malata. Mu Juni khoma lomwelo limalandira dzuwa tsiku lonse. Choncho ngakhale munthu akanapanda kupakapo penti n’kamodzi komwe, chithunzi cha Juni chikanaoneka chowala kuposa cha Disembala. Mbali ina ya zimene anthu anayamikira inali ntchito ya amisiri, mbali ina inali ntchito ya nyengo.

Nanga ming’alu ya mu Seputembala inachokera kuti? Apa pali lamulo losavuta. Kuwala kukamenya chinthu maso ndi maso, kumabisa mabampu ndi timaenje. Kukadutsa mokwekwesa, motsatira khoma, kabampu kalikonse kamaponya mthunzi wautali. Usiku uno tengani tochi, muunike khoma la nyumba yanu mutaima patsogolo pake. Kenako gonekani tochiyo pa khomapo kuti kuwala kuziyenda m’mbali. Mudzaona mizere ya supuni ya mmisiri imene simunaionepo chimangireni nyumbayo.

Kuchiyambi kwa Seputembala dzuwa limatuluka pafupifupi kum’mawa kwenikweni, litangopendekera kumpoto pang’ono. Kwa khoma loyang’ana kumpoto, dzuwa la ola loyamba limakhala ngati tochi yogonekedwa ija. Kabampu ka mamilimita 5, kamene mmisiri aliyense womata ndi manja amasiya, kamaponya mthunzi wa masentimita 2 kapena 3. Mu Juni cha m’ma 10 koloko, kabampu komweko kamaponya mthunzi wosafika sentimita imodzi, ndipo ukaima patali sukuona. Mizere yambiri yakuda pa chithunzi cha kholo lija inali mithunzi, osati ming’alu.

Lamulo lomweli limagwiranso pa msewu, ndipo ndi bwino kulidziwa chifukwa zithunzi za misewu n’zimene zimayenda kwambiri. Pakatha mphindi 40 chitulukire dzuwa, mthunzi wa chinthu chilichonse umatalika kasanu kapena kuposa msinkhu wake. Dzenje lakuya masentimita 5 limakhala ndi mthunzi wa masentimita pafupifupi 28, ndipo pa chithunzi limaoneka ngati chitsime. Masana dzuwa lili pamutu, dzenje lomwelo limangooneka ngati banga. Wofuna kudzudzula amajambula m’mamawa. Wofuna kudzitama amajambula masana. Galimoto imagunda dzenje lomwelo.

Kamera imasankha yokha, osakufunsani

Diso la munthu limagwira ntchito ndi ubongo. Mukayang’ana khoma loyera lili mumthunzi, mumadziwabe kuti ndi loyera. Kamera ya foni sidziwa kuti ikuyang’ana khoma. Imangoyeza kuwala konse kumene kwalowa, n’kuyesa kukufikitsa pakatikati, posada kwambiri komanso posawala kwambiri.

Wojambula wa mu Disembala anaima kumpoto kwa nyumba, kuyang’ana kumwera, ndipo theka la chithunzi chake linali thambo la mitambo yoyera. Thambo lotere limawala kwambiri kuposa khoma la mumthunzi. Pofuna kuti thambo lisachite mbuu, kamera inachepetsa kuwala kwa chithunzi chonse, ndipo khoma limene linali kale mumthunzi linadetsedwa kawiri. Izi mungaziyese pompano. Lozetsani foni ku nyumba ina iliyonse, mugunde chala pa thambo, muone nyumba ikuda. Mugundenso pa khoma, muone ikuwala. Nyumba sinasinthe m’masekondi awiriwo.

Kamera imalotanso mtundu. Kuwala sikukhala ndi mtundu umodzi: kwa dzuwa lotuluka n’kofiirira, kwa masana n’koyera, ndipo kwa mumthunzi kumapendekera ku buluu chifukwa kumachokera ku thambo. Mu Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wa m’tchire ndi fumbi zimawonjezera kufiira kwa dzuwa la m’mawa. Foni imayesa kukonza zimenezi yokha, koma siikonza mofanana nthawi zonse, ndipo mafoni awiri sakonza mofanana. N’chifukwa chake penti yomweyo inali mbee mu Juni koma yofiirira mu Seputembala. N’zoona kuti fumbi la chilimwe linali litamatirira pang’ono, koma kufiira kwambiri kunachokera ku dzuwa la ola limenelo.

Palinso kusiyana kwa mafoni. Chithunzi cha Disembala chinajambulidwa ndi foni yakale, cha Juni ndi yatsopano. Mafoni ambiri atsopano, mukadina kamodzi, amajambula zithunzi zingapo mofulumira n’kuziphatikiza kukhala chimodzi. Amawalitsa malo a mthunzi, amakometsa mitundu, ndipo amanola mizere kuti ioneke yakuthwa. Pa dzuwa la Juni zimenezi zimakongoletsa nyumba. Pa dzuwa lokwekwesa la Seputembala kunola komweko kumadetsa mthunzi uliwonse kuti ufanane ndi mng’alu. Ndiye chithunzi chikadutsa mu WhatsApp chimachepetsedwa kuti chisadye ndalama zambiri za intaneti, ndipo tinthu tating’ono timafufutika. Mng’alu weniweni wopyapyala ungathe kusowa pa chithunzi chojambulidwa patali. Choncho kamera ingathe kuwonjezera ming’alu imene kulibe, ingathenso kubisa imene ilipo.

Pamene wojambula waima

Tsopano tibwere ku mulu wa zibuma umene unaphimba theka la nyumba. Muluwo unali wa mita imodzi kutalika, ndipo unali pa mtunda wa mamita 10 kutsogolo kwa khoma la mamita 3. Pa chithunzi, kukula kwa chinthu kumadalira msinkhu wake pougawa ndi mtunda wake kuchokera ku kamera. Kholo lija linanjuta mamita 2 kuchokera pa muluwo, kutanthauza mamita 12 kuchokera ku khoma. Mita imodzi pa mtunda wa mamita 2 ndi theka. Mamita 3 pa mtunda wa mamita 12 ndi kota. Motero pa chithunzi muluwo unatalika kawiri kuposa khoma. Munthu woima pa chipata, mamita 30 kuchokera pa mulu ndi mamita 40 kuchokera ku khoma, akanaona muluwo wosafika n’theka lomwe la khoma. Mulu unalipo, ndipo unayenera kuchotsedwa. Koma kukula kwake kunasankhidwa ndi mawondo a wojambula.

Wojambula wa mu Juni nayenso anasankha. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi maso awiri kapena atatu, ndipo pa sikirini mumaona timanambala monga 0.5x, 1x ndi 2x. Diso la 0.5x limatenga malo aakulu. Mukaima pafupi ndi ngodya ya nyumba n’kugwiritsa ntchito diso limeneli, mbali yapafupi imakula kwambiri, yakutali imachepa, ndipo nyumba ya makalasi atatu imaoneka yaitali ngati ya asanu ndi limodzi. Kalasi ya ana opanikizana imaoneka ya malo ambiri. Mukaima kutali n’kukoka ndi 2x kapena kuposa, zinthu zimaoneka zothithikana: mzere wa odwala umaoneka wopanikizana, msonkhano umaoneka wodzaza. Chizindikiro cha diso lotambasula n’chakuti zinthu za m’mphepete mwa chithunzi zimaoneka zokokeka, ndipo mizati imapendekera mkati wojambula akaloza foni m’mwamba.

Mmene mungazindikirire

Simufunika kukhala katswiri. Njira yoyamba, imene ndimaikhulupirira kuposa zonse, ndi kufunafuna chinthu chimene palibe amene anachikhudza. Pa zithunzi zathu zitatu, pakona pake pankaoneka chipilala cha simenti chonyamula thanki ya madzi. Chipilalacho sichinali m’gulu la zokonzedwa. Komabe mu Disembala chinali chakuda, mu Juni chinali choyera, mu Seputembala chinali chofiirira ndi chamizere. Ngati chipilala chosakhudzidwa chasintha mitundu katatu, ndiye kuti kusintha kwa khoma sikungawerengedwe konse ngati ntchito ya mmisiri kapena kulephera kwake. Pa zithunzi zina chinthu chotere chingakhale mtengo wa magetsi, mwala, nthaka ya pabwalo kapena malata a nyumba yoyandikana nayo.

Njira yachiwiri ndi kuyang’ana mithunzi. Kodi ikuloza mbali imodzi pa zithunzi zonse? Kodi ndi yaitali mofanana? Ngati pa chimodzi mthunzi wa mtengo wagona kutali ndipo pa chinzake uli pansi pa mtengowo, maola kapena miyezi ndi yosiyana. Ngati pa chimodzi palibe mthunzi uliwonse wakuthwa, kunali mitambo, ndipo mitambo imasalaza chilichonse.

Yachitatu ndi kuyang’ana zimene zili kumbuyo. Ngati phiri la kuseri kwa sukulu likuoneka lalikulu pa chithunzi chimodzi ndi laling’ono pa chinzake pamene nyumba ili yofanana kukula, wojambula anaima mitunda yosiyana ndipo anagwiritsa ntchito maso osiyana. Onaninso m’mphepete: n’chiyani chili pa chithunzi choyamba chimene chadulidwa pa chachiwiri?

Yachinayi ndi kupempha chithunzi chenicheni. Foni imasunga mkati mwa chithunzi tsiku, ola, mtundu wa foni ndi diso limene linagwira ntchito. Pa mafoni ambiri a Chipwitikizi mumazipeza pamene alemba Detalhes. Chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi pa WhatsApp zimenezi zimachotsedwa, koma chikatumizidwa ngati Documento zimatsala. Dziwani kuti zimenezi si chidindo cha khoti: wotchi ya foni ingakhale yolakwika, ndipo wodziwa angathe kuzisintha. Koma munthu amene akukana kutumiza chithunzi chenicheni wakuuzani kale kanthu.

Zimene zinapezeka pa khomapo

Mlandu wa sukulu ija unatha pamene makolo angapo, aphunzitsi ndi mmisiri wina wa m’mudzimo anapita kukaima pa khomapo masana. Kusiyanitsa mthunzi ndi mng’alu n’kosavuta. Mthunzi umasuntha dzuwa likasuntha, ndipo pofika 10 koloko wazimiririka. Mng’alu umakhala pomwepo, ndipo nsonga ya lezala imalowamo. Mmisiri anagogodanso khoma ndi chogwirira cha supuni, pakuti simenti yosagwira bwino imalira ngati ng’oma.

Anapeza kuti khoma silinang’ambike ponseponse. Anapezanso kuti silinali langwiro monga mmene chithunzi cha Juni chinanenera. Pansi pa mawindo awiri panali ming’alu yeniyeni, ndipo pamalo amodzi simenti inali kulira. Choposa zonse, atazungulira kuseri anapeza kuti mawindo anayi a khoma la kumwera analibe magalasi, ngakhale pepala la ntchito linkasonyeza kuti onse aikidwa. Khoma limenelo palibe amene analijambula. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala khoma loyang’ana kumwera siliona dzuwa, ndipo silikopa wojambula aliyense.

Onani tsono mtengo wa kufanizira kokondera. Mayi wosalakwa anatukwanidwa chifukwa cha mithunzi. Wogwira ntchito akanatha kuthawira pomwepo, n’kuonetsa anthu masana kuti ming’alu ija kulibe, n’kunena kuti odandaula onse ndi abodza. Ndipo cholakwa chenicheni, chimene chimalowetsa mphepo ya Juni pa ana, chikanatsala kuseri osaonedwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n’kudekha.

Zimene ena angatsutse

Wina anganene kuti palibe cholakwika kujambula ntchito yabwino pa dzuwa labwino. Ndikuvomereza, ngati chithunzicho n’chokongoletsa khoma la ofesi. Koma mukachiika pambali pa china n’kulemba “kale” ndi “lero”, mwasiya kukongoletsa, mwayamba kuyeza. Wogulitsa chimanga sayeza thumba lake ndi sikelo ina, la mnzake ndi sikelo ina.

Wina anganene kuti dzuwa lokwekwesa limaulula zoona, popeza mabampu aja alipodi. Izinso n’zoona, ndipo amisiri odziwa ntchito amagoneka tochi pa khoma dala pofuna kuona ngati lasalala. Ndi njira yabwino yofufuzira. Imakhala yokondera pamene mwaigwiritsa ntchito pa chithunzi chimodzi chokha, n’kunena kuti kusiyanako kwabwera ndi miyezi itatu.

Chodandaula chachitatu n’chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Kodi mawu angawa sapatsa anthu a maudindo pothawira, kuti chithunzi chilichonse chowadzudzula azingoti ndi dzuwa? Yankho n’lakuti kuwala kuli ndi malire ake. Kumasintha mtundu, kuwala, kusalala ndi kukula kooneka. Sikuchotsa denga. Sikusandutsa mawindo khumi kukhala asanu ndi limodzi. Sikumanga mlatho pamene palibe, ndipo sikutulutsa madzi pa mjigo wouma. Chinthu chowerengeka ndi zala chimakhalabe umboni pa dzuwa lililonse. Choncho wa udindo akakuuzani kuti ndi kuwala chabe, muyankheni kuti tiyeni tikaone limodzi, tikajambulenso pa ola limene inu munajambulira. Ngati akunena zoona, sakana.

Kujambula mwachilungamo

Ngati muli m’khonsolo ya sukulu, m’komiti ya madzi kapena ya zaumoyo, yambani ntchito isanayambe. Sankhani malo oimapo ndipo muwaike chizindikiro chosachoka, monga mwala wokwiriridwa kapena tsinde la mtengo. Lembani m’kaundula wa komiti tsiku, ola, foni ya ndani, ndi diso liti, makamaka 1x. Jambulani mutaimirira, foni ili pa msinkhu wa maso. Jambulani mbali zonse zinayi za nyumba ndi mkati momwe, osati mbali yokongola yokha. Pa chithunzi chilichonse pakhale chinthu chimene sichidzakonzedwa, kuti chidzakhale mboni ya kuwala. Pojambula mng’alu kapena dzenje pafupi, ikanipo ndalama yachitsulo kapena rula kuti kukula kwake kudziwike.

Ntchito ikatha, bwererani pa mwala womwewo, pa ola lomwelo, ndi foni yomweyo ngati ilipo. Mwezi sudzafanana, chifukwa ntchito siidikira chaka, choncho lembani tsiku pansi pa chithunzi chilichonse kuti woona adziwe kuti chimodzi n’cha dzinja, china n’cha chisanu. Ngati mungathe, jambulani zonse pa tsiku la mitambo, pamene kuwala sikukondera khoma lililonse. Ndipo pakatha chaka chathunthu jambulaninso pa sabata yomwe munajambulira choyamba. Chimenecho ndicho chithunzi chimene chimafanana bwino ndi choyambacho, ndiponso chimasonyeza ngati ntchito yapirira mvula.

Kwa amene amagwiritsa ntchito ndalama za anthu, pempho langa n’lakuti zithunzi za “kale” ndi “lero” zizituluka ndi masiku ake, zojambulidwa pa malo amodzi, ndiponso pambali pake pazikhala mndandanda wa zimene zinalipiridwa: malata angati, magalasi angati, makilomita angati. Inu nzika muli ndi ufulu wofunsa zimenezi. Ndime 48 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imateteza ufulu wolandira uthenga, ndipo Lamulo nambala 34/2014 limapatsa munthu aliyense mphamvu yopempha uthenga wokhudza anthu onse ku maofesi a boma, amene ayenera kuyankha pasanathe masiku 21. Pepala losonyeza chiwerengero cha magalasi silisintha dzuwa likapendeka.

Zithunzi ziwiri zikafikanso pa foni yanu, kaya zikutamanda amene mumawakonda kapena zikunyoza amene simuwafuna, imani kaye musanatumize. Funani chipilala cha thanki, yang’anani mithunzi, funsani tsiku ndi ola. Ngati malowo ali pafupi, pitani mukaone, ndipo musaiwale kuzungulira kuseri kwa nyumba.